Ndalemba "ndipita", foni yatumiza "ndiputa"

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina amene amagula soya ndi mtedza ku Santhe, m'boma la Kasungu:

"Mwana wanga anandiphunzitsa kulemba meseji pongokhwekhwereza chala pa zilembo osachidzutsa. M'Chingerezi zimatheka ndithu, koma m'Chichewa foni ikundichititsa manyazi. Dzana ndimauza mlimi wina kuti ndipita mawa, iyo n'kulemba kuti ndiputa mawa. Kodi imadziwa bwanji zomwe ndikufuna kulemba, nanga ndingaiwongole?"

Mayi, ndaseka, pepani. Koma tsegulani kiyibodi yanuyo muyang'ane mzere wapamwamba, chifukwa yankho lonse lagona pamenepo. Kuchokera kumanja, zilembo zandondozana motere: p, o, i, u, y, t. Polemba "pita", chala chimanyamuka pa p, n'kulowera kumanzere mpaka pa t, kenaka n'kutsetserekera pa a. Tsopano yesani "puta". Njira yake ndi yomweyo. Yesaninso "pota", kupota chingwe kuja. Yomweyonso. Chala chadutsa pa o, pa i ndi pa u maulendo onse atatu, ndipo palibe pomwe chakhota kuti chisonyeze chilembo chomwe mumafuna.

Foni siwerenga chilembo chimodzichimodzi monga imachitira mukamadinadina. Imatenga mzere womwe chala chajambula, kuona pomwe wayambira, pomwe wakhota, pomwe mwachepetsa liwiro ndi pomwe wathera. Ndiye m'kati mwake muli mndandanda wa mawu, ndipo liwu lililonse lili ndi chithunzi cha njira yake pa kiyibodi. Imafananiza mzere wanu ndi zithunzizo n'kupatula mawu ochepa amene akuyandikira. Akatsala awiri kapena atatu ofanana njira, imafunsa funso lina: mwa amenewa, ndi liti limene anthu amalemba kawirikawiri, ndipo ndi liti limene limakonda kubwera pambuyo pa mawu omwe alembedwa kale? Pamenepo imangolosera. M'Chingerezi imalosera bwino poti inadyetsedwa ziganizo zosawerengeka. M'Chichewa inalawa zochepa, ndiye imaphonya.

Lusoli si la dzulo. Shumin Zhai ndi Per Ola Kristensson analifufuza ku kampani ya IBM kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo pulogalamu ya Swype, ya Cliff Kushler yemwe anathandiza kupanga T9 ya m'mafoni a mabatani aja, inatuluka mu 2009. Pa iPhone, kiyibodi ya Apple inayamba kutero mu 2019. Ndikuganiza kuti yanu ndi Android yokhala ndi Gboard, kiyibodi ya Google, monga mafoni ambiri a m'misika yathu, choncho ndilongosola za imeneyo. Mmenemo kalembedwe aka akutchedwa Glide typing.

Choyamba onani ngati foni ikudziwa n'komwe kuti mukulemba Chichewa. Dinani kachizindikiro ka giya pamwamba pa kiyibodi, lowani pa Languages, kenaka Add keyboard, mufufuze Nyanja kapena Chichewa, poti mapulogalamu amachitchula mosiyana. Ngati muli Chingerezi chokha, liwu lililonse lomwe mungajambule imalikokera ku Chingerezi, ngakhale mutajambula mwaluso chotani. Ambiri amene amandidandaulira, vuto lawo limathera pomwepa. Ngati muli zinenero ziwiri, mutha kusinthasintha podina nthawi yaitali batani lalitali losiyira mpata lija. Ine ndimakonda kusintha ndekha m'malo moilola kuti izisakaniza zonse ziwiri, chifukwa mawu opikisana akachuluka, zophonya nazo zimachuluka.

Tibwerere kwa mlimi wanu uja. Mukajambula liwu n'kudzutsa chala, pamwamba pa kiyibodi pamaoneka mawu ena omwe foni inawaganiziranso. Ikalemba "ndiputa", musathamangire kutumiza, ndiponso musafufute n'kujambulanso mzere womwewo mokwiya. Yang'anani pamwambapo. Ngati "ndipita" alipo, mudineni. Apo mwaiuza kuti mzere wotere, m'dzanja lanu, umatanthauza liwu limeneli. Ngati palibe, dinani batani lofufutira kamodzi, liwu lonse lichoka, ndiye mulembe "ndipita" modina chilembo chimodzichimodzi. Mukatero maulendo angapo, liwulo limayamba kubwera patsogolo. Koma samalani, imaphunziranso zolakwa zanu. Mukalola "ndiputa" kudutsa katatu chifukwa cha changu cha pasikelo, mwaiphunzitsa nokha. Kuti liwu loipa lichoke, lidineni nthawi yaitali pomwe laonekera pamwamba paja, kenaka mulikokere pa kabini ka zinyalala komwe katulukire.

Chala nacho chingathandize. Pa "pita", chepetsani liwiro pang'ono pofika pa i, ngati njinga yofika pa bampu, kenaka pitirirani. Kaimidwe kakang'onoko n'kokwanira kusiyanitsa i ndi u. Kupatula malo otere, musajambule mwamantha. Chala choyenda pang'onopang'ono chimanjenjemera, ndipo kugwedera kulikonse foni ikhoza kukuyesa kukhota. Mzere wosalala, wokhota mooneka bwino, ndiwo umawerengeka.

Pomwe ndikufuna musamale kwambiri ndi poyambira. Foni imadalira kwambiri chilembo choyamba ndi chomaliza, ndipo ife Achewa tinachita tsoka: a ndi s n'zoyandikana pa kiyibodi. "Ali bwino" ndi "sali bwino" zimasiyana ndi kachidutswa ka chala basi. Chimodzimodzi "afika" ndi "safika", "alipira" ndi "salipira". Pa malonda anu, kuuza mwini lole kuti munthu salipira pomwe mumati alipira, ndi nkhani yoti ifike kwa amfumu. Ikani chala pakati penipeni pa chilembo choyamba musanayambe kukoka. Onaninso "adali": chala chiyenera kuchoka pa a, kufika pa d, kubwerera pa a, n'kuthamangira ku l. Mukadula ulendo wobwererawo mupeza mwalemba "ali", zakale zasanduka za lero.

Pali mawu ena amene foni singawalosere ngakhale mutaigwadira, chifukwa mulibe mu mndandanda wake. Maina a malo ndiwo oyamba: Santhe, Mtunthama, Chamama, Nkhamenya. Awa alowetseni nokha. Mu Settings ya Gboard pitani pa Dictionary, kenaka Personal dictionary, sankhani chinenero, dinani + n'kulemba liwulo. Khalani pansi madzulo amodzi mulowetse maina a midzi yomwe mumagulako, maina a alimi anu, ndi mawu okhala ndi kachizindikiro kodula monga "m'mawa" ndi "ng'ombe". Mawu makumi awiri kapena atatu akukwanirani. Muwalembe molondola, chifukwa cholakwa cholowa mmenemo chimakhazikika.

Malire ake alipo, ndisakunamizeni. Chichewa chimamanga liwu polumikiza tizidutswa, ndiye "ndipita", "sindipita", "ndikapita" ndi "sindinapitebe" kwa foni ndi mawu anayi osadziwana. Kuiphunzitsa limodzi sikuiphunzitsa enawo. Liwu lalitali ngati "sitinakatengebe" mwina simudzalilembanso mwezi wonse, choncho ingolidinani. Ine ndimajambula mawu a tsiku ndi tsiku, monga "zikomo", "mawa", "ndalama", "matumba", ndipo ataliatali ndimadina, m'meseji imodzi yomweyo. Manambala a makilo ndi mitengo amadinidwa basi.

Ngati mwachita zonsezi koma mawu akudukabe pakati, liwu limodzi n'kusanduka awiri, vuto si mndandanda ayi. Yang'anani kamzere kamtundu komwe kamatsata chala chanu (ngati sikakuoneka, yatsani Glide trail). Kakamaduka malo amodzimodzi nthawi zonse, ndiye kuti galasi lotetezera sikirini lang'aluka kapena latukuka pamenepo, lisintheni. Kakamalumphalumpha paliponse, pukutani sikirini ndi chala chomwe. Thukuta la mu Okutobala ndi fumbi la mtedza zimasokoneza sikirini, ndipo matchaja ena otchipa amatero foni ikakhala pamoto, choncho yesani mutaizula.

Ndipo ngati mwana wanu uja wakhala akugwiritsa ntchito foniyi kulembera anzake, yadzaza ndi chinenero cha achinyamata. Mu Settings, pa Privacy kapena Advanced malinga ndi mtundu wa Gboard yanu, pali Delete learned words & data. Imafufuta zonse zomwe kiyibodi yaphunzira yokha, zabwino ndi zoipa zomwe, ndiye muidine pokhapokha mwakonzeka kuyambanso kuiphunzitsa "ndipita" kwa sabata imodzi kapena ziwiri.