Tsatirani matumba a simenti kuyambira pa pempho mpaka pa malipiro

"Andisankha kukhala mu komiti yoona za chuma pa bungwe lathu kuno ku Mangochi. Andiuza kuti ndikaone mmene timagulira katundu, kuyambira popempha mpaka polipira, kuti ndidziwe pamene pali chitetezo cha ndalama. Ndiyambire pati abale?"

Achemwali, musayambire m'buku la malamulo a bungwe. Bukulo limanena mmene zinthu ziyenera kuyendera, koma inu mukufuna kuona mmene zimayenderadi. Pitani ku ofesi ya zachuma, tsegulani kaundula wa zolipira, musankhe nokha malipiro amodzi omwe adatha kale. Musalole kuti akusankhireni, chifukwa munthu aliyense amaonetsa mlendo fayilo yokonzedwa bwino. Mukatero mutsatire kugula kumeneko kuyambira pachiyambi, mapepala ali m'manja, mukulankhula ndi aliyense amene anawagwira. Ine ndagwira ntchito ya uodita kwa zaka zambiri, ndipo funso langa pa desiki iliyonse ndi lomweli: "Mundionetse zimene munachita pepalali litafika apa, nanga likanakhala lolakwika mukanadziwa bwanji?"

Tiyerekeze kuti bungwe lanu likumanga buloko ya sukulu ku Namwera, ndipo folomani wapempha matumba 200 a simenti. Mitengo ndingoika yoyerekeza, K30,000 thumba limodzi, zonse pamodzi K6,000,000.

Pepala loyamba ndi fomu yopemphera katundu, rikwizishoni. Apa muone zinthu ziwiri basi. Kodi wopempha ndi wovomereza ndi anthu osiyana? Ndipo kodi alipo amene anatsimikiza kuti mu bajeti muli ndalama za simenti, asanavomereze? Ngati folomani adalemba yekha n'kudzivomereza yekha, lembani.

Kenako makotesheni. Mabungwe ambiri amafuna atatu, ndipo anthu amangowerenga kuti alipo atatu n'kupitirira. Inu muwayale pa tebulo mbali ndi mbali. Pa bungwe lina la m'mbali mwa nyanja ndinapeza makotesheni atatu a mashopu atatu osiyana, koma nambala 7 inalembedwa mofanana ndendende pa onse, ya kamzere pakati, ndi bolopeni imodzi. Awiri anali ndi nambala ya foni imodzimodzi pansi pa chidindo. Wogulitsa mmodzi ndiye ankabweretsa onse atatu, awiriwo atawakwezera dala mtengo. Lamulo la makotesheni atatu linatsatidwa, koma mpikisano panalibe. Choncho mufunse kuti anapita kukatenga makotesheni ndani, anawafananiza ndani, ndipo anasankha wogulitsa ndani. Ngati yankho ndi dzina limodzi katatu, pamenepo palibe mpanda. Mukapita ku Boma mudutsenso pa shopu imodzi mwa zimene zinalephera, muone ngati ilikodi komanso ngati imagulitsa simenti.

Wogulitsa akasankhidwa, bungwe limalemba kalata ya oda, imene tonse timaitchula kuti LPO. Ili ndiye lonjezo la bungwe kuti lidzalipira, ndiye osayina ayenera kukhala amene ali ndi mphamvu pa ndalama zochuluka chotero. Tinene kuti manijala amaloledwa kusayina mpaka K3,000,000, kupitirira apo imapita ku komiti. Mukaona ma LPO awiri a matumba 100 aliyense, opita kwa wogulitsa mmodzi sabata imodzimodzi, dziwani kuti oda inagawidwa pakati kuti komiti isaione. Muonenso kuti buku la ma LPO limasungidwa ndi ndani, ndipo manambala ake akutsatana popanda tsamba losowa.

Tsopano tafika pamene ine ndimakhalitsa, polandira katundu. Lole yakwera phiri, yafika ku Namwera madzulo, dalaivala akufulumira kuti atsike kusanade. Ali ndi pepala lake lonena kuti wabweretsa matumba 200. Pepalalo ndi mawu a wogulitsa, si umboni wanu. Umboni wa bungwe ndi chikalata cholandirira katundu, GRN, chimene amalemba wa kusitolo atawerenga yekha thumba ndi thumba. Tinene kuti powerenga apeza matumba 192, ndipo mwa amenewo 12 ananyowa n'kuuma ngati mwala. Abwino ndi 180. Ngati wa kusitolo angokopera 200 kuchokera pa pepala la dalaivala, onse amene asayine pambuyo pake adzakhala akusayinira bodza mosadziwa, ngakhale atakhala anthu okhulupirika chotani. N'chifukwa chake wolandira katundu asakhale yemwe anaoda. Mupite nokha kusitolo, muone ngati simentiyo inalowetsedwa pa khadi la katundu tsiku lomwelo, ndi kuti yotuluka imatuluka ndi siginecha ya ndani. Mumufunsenso wa kusitolo ngati anabwezapo katundu chiyambire ntchito. Akati sizinachitikepo, zikhoza kutanthauza kuti sawerenga, kapena amaopa kukana katundu amene abwana anaoda.

Invoisi ikafika, wa maakaunti ayenera kuika mapepala atatu pamodzi: LPO, GRN ndi invoisi. LPO ikunena zimene tinaitanitsa ndi mtengo wake, GRN ikunena zimene zinafika, invoisi ikunena zimene wogulitsa akufuna kulipidwa. Pa chitsanzo chathu invoisi ikuti K6,000,000, koma matumba abwino 180 ndi K5,400,000. K600,000 yotsalayo isalipidwe mpaka wogulitsa abweretse matumba 20 kapena achotse ndalamazo pa ngongole molemba. Nkhani ya Cashgate ya mu 2013 inali yomweyi pa mlingo waukulu, ndalama za boma zinkalipidwa ku makampani omwe sanapereke katundu kapena ntchito ina iliyonse.

Mukadali pomwepo, werengani madeti a mapepala onse motsatana. Pempho liyenera kukhala loyamba, kenako makotesheni, LPO, GRN, invoisi, ndi vocha, pepala lovomerezera malipiro. Mukapeza LPO ya pa 14 pamene invoisi ndi ya pa 9, katundu anagulidwa kaye, mapepala anachita kulembedwa pambuyo kuti fayilo ioneke yokwanira. Ichi ndicho chimene ndachipeza kawirikawiri kuposa china chilichonse, ndipo sichifuna sukulu ya maakaunti kuti muchione.

Pa vocha ndi polipira penipeni, muone kuti dzina la wolipidwa ndi lomwe lili pa LPO, kuti wogulitsa ali ndi TPIN, nambala yake ya msonkho, ndi kuti msonkho wochotseratu unachotsedwa n'kupita ku MRA ngati alibe satifiketi yomumasula. Osayinira malipiro kapena ovomereza pa kompyuta akhale awiri, ndipo mufunse wachiwiriyo ngati amaona mapepala onse asanasayine. Mufunsenso mosabisa kuti akapita ku maliro kapena ku msonkhano ku Lilongwe zimakhala bwanji. Ngati amasiya mapepala olipirira osayinidwa opanda kanthu, kapena amauza mnzake nambala yake yachinsinsi, siginecha ziwirizo ndi imodzi. Kalata kapena uthenga wonena kuti wogulitsa wasintha akaunti ya ku banki usatsatidwe mpaka wina amuimbire pa nambala yakale yomwe muli nayo kale. Akalipira, mapepala onse adindidwe chidindo cha PAID kuti invoisi yomweyo isadzabwerenso mwezi wamawa, ndipo wofananiza sitetimenti ya ku banki ndi mabuku asakhale amene amalemba mavocha.

Ndikudziwa kuti pa bungwe laling'ono mwina mu ofesi muli anthu atatu okha, ndipo simungagawe ntchito zonsezi. Zikatero, tetezani magawo awiri: woda asalandire katundu, ndipo wolemba vocha asavomereze malipiro. Kwinako komiti yanu ikhoza kuthandiza, membala mmodzi kukakhalapo lole ikamatsitsa katundu wambiri, wina kulandira sitetimenti ya ku banki mwezi ndi mwezi.

Mukumbukire kuti fayilo imodzi imangokuonetsani pamene chitetezo chili ndi pamene palibe. Siikuuzani kuti chimagwira ntchito masiku onse. Mukamaliza ya simentiyi, mutengenso mafayilo ena angapo a miyezi yosiyana, makamaka amene anthu amati anagulidwa "mwadzidzidzi", ndiponso a mafuta a galimoto ndi okonzetsa galimoto, chifukwa amenewo alibe thumba loti munthu angaliwerenge.