Ziganizo zitatu zokha: tiyesere pa chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020

"Abale, aphunzitsi atipatsa nkhani ya m'nyuzipepala ya masamba awiri kuti tiifupikitse m'ziganizo zitatu, koma zinene ndani, wachita chiyani, liti komanso chifukwa chiyani. Ine chilichonse chikuoneka chofunika. Ndiyambire pati?"

Achemwali, lekani kaye kufufuta mizere. Mukamachotsa mzere uwu n'kusiya uwo, mutsala ndi zibenthuzibenthu zosagwirana. Werengani nkhaniyo kawiri, tembenuzani pepalalo chafufumimba, kenaka mudzifunse kuti chachitika chatsopano n'chiyani. Yankho lake likhale mneni mmodzi: wamangidwa, akweza, athetsa, watula pansi udindo. Mneniyo ndiye mzati, zina zonse zimatsamira pamenepo.

Titenge nkhani yomwe tonse kuno ku Lilongwe tikuikumbukira, tsiku lija tinakhalira pa wailesi kuyambira m'mawa mpaka mdima majaji akuwerenga chigamulo cha mlandu wa chisankho. Nkhani yaitali ya tsikulo imadzaza ndi zambiri: asilikali pakhoti, maina a majaji asanu, zomwe ananena maloya, zionetsero za miyezi yam'mbuyo, chisangalalo cha m'misewu. Koma mneni wake ndi mmodzi, "lathetsa". Mukamupeza, funsani kuti wathetsa ndani. Apa mpomwe ambiri amaterereka, chifukwa amathamangira dzina lomwe latchulidwa kambiri, a Mutharika kapena a Chakwera. Wochita ndi khoti. Ine ndikanalemba chonchi:

"Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, lomwe linakhala ku Lilongwe, Lolemba pa 3 Febuluwale 2020 linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, chomwe bungwe la MEC linalengeza kuti anapambana ndi a Peter Mutharika. Majaji asanu anagwirizana ndi dandaulo la a Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera, ponena kuti chisankhocho chinali ndi zolakwika zambiri komanso zikuluzikulu, monga kusintha manambala ndi tipeksi pa mapepala a zotsatira. Khotilo linalamula kuti chisankho chichitikenso pasanathe masiku 150."

Mwaona kuti ndani, chiyani ndi liti zalowa m'chiganizo choyamba chokha. Chachiwiri chonse ndachipereka kwa "chifukwa chiyani", poti ndiye funso lolemera. Chachitatu chikunena chotsatira. Nkhani yanu ikakhala yopanda chotsatira, ikanimo yankho la mbali inayo, ya amene akudzudzulidwa.

Pa "chifukwa chiyani" ndikhalepo pang'ono. Chifukwacho kawirikawiri sichikhala pamwamba, chimabisala m'ndime yachinayi kapena yachisanu, nthawi zina m'kamwa mwa munthu yemwe mtolankhani wacheza naye. Ndiye muyenera kunena mwini wake. Taonani mawu aja akuti "ponena kuti". Mukawachotsa pofuna kuchepetsa mawu, zayamba kumveka ngati woweruza ndinu. Choopsa kwambiri ndi kufupikitsa mopyola muyeso, monga kulemba kuti "khoti lapeza kuti a uje anabera mavoti". N'chachifupi ndithu, chimakomanso m'khutu, koma chigamulocho chinakamba za zolakwika pa kayendetsedwe ka chisankho. Mwasintha nkhani, ndipo pa ntchito yeniyeni mawu otere akhoza kukutengerani kukhoti inuyo.

Za "liti" n'zosavuta, kungoti musakopere "dzulo" kapena "Lolemba lapitali". Onani tsiku lomwe nyuzipepalayo inatuluka, muwerengetse, mulembe tsiku lenileni. Chenjeraninso nkhani ikakhala ndi masiku awiri ngati iyi. Tsiku la mneni wanu ndi 3 Febuluwale, 21 Meyi likungotiuza kuti n'chisankho chiti. Mphwanga wina atayesera nkhani yomweyi analemba kuti khoti linathetsa chisankho pa 21 Meyi 2019, ngati majaji anagamula anthu adakali pamzere wovota.

Pali kachinyengo kena komwe aphunzitsi amakagwira msanga: kulumikiza mfundo ndi "ndipo", "komanso", "pomwe" mpaka chiganizo chimodzi kutalika ngati mzere wa mafuta pa filing'i siteshoni. Werengani mokweza. Mpweya ukakutherani musanafike pa mpumiro, chotsanipo kanthu. Choyamba kutaya ndi mawu ogwidwa, maudindo ataliatali, ndi manambala onse kupatula imodzi kapena awiri. Ine ndasungamo 150 chifukwa ndiyo inauza anthu kuti akavotanso posachedwa. Mavoti omwe aliyense anapeza ndawataya, ngakhale zinandiwawa.

Mukamaliza, muwerengereni wina kunyumba yemwe sanaione nkhaniyo, ngakhale amayi ali pa mbaula, muwafunse mafunso anayi aja. Pomwe alephere kuyankha, mpomwe pali bowo. Tumizani ziganizo zanuzo muno madzulo ano pamodzi ndi chithunzi cha nkhaniyo, ndidzazione ndikaweruka.