Suti imodzi, intavyu ndi ukwati: tayi iti?

*"Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ndi intavyu kubanki Lachiwiri, kenako ukwati wa achimwene anga kumapeto kwa mwezi, ndine mperekezi. Suti ndili nayo imodzi, yabuluu woderako. Tayi yanga ndi yakuda, yopyapyala, yonyezimira. Anzanga akuti ndingomanga mfundo yaikulu ya Windsor zikhala bwino. Zoona?"*

Achimwene, anzanuwo ayambira kumapeto. Munthu amene mwakhala naye moyang'anizana amayamba waona nsalu ya tayi, kenako kutambalala kwake, mfundo imabwera pomaliza. Tayi yanuyo ingoisungani kaye, ku intavyu isapite. Yakuda bii pa shati yoyera anthu amaiwerenga ngati ya pamaliro kapena yunifolomu ya operekera zakudya kuhotela, ndipo kunyezimirako kumakuwa kwambiri pansi pa magetsi a mu ofesi.

Tengani tepi ya telala muyeze kolala ya jekete yanu, ndikunena mbali yopindika ija yotsikira pachifuwa, pamalo pamene yatambalala kwambiri. Kenako yezani tayi pamene yatambalala kwambiri, kufupi ndi kunsonga. Manambala awiriwo afanane, kapena asiyane ndi sentimita imodzi basi. Masuti ambiri a kuntchito kolala yake imakhala ya masentimita 8 kapena 9, ndiye tayi yoyenera ndi ya 8. Ngati suti yanu ndi zothina za anyamata zija, kolala yake ya masentimita 6 kapena 7, tayi ya 7 ikwanira. Zopyapyala za masentimita 5 ndi za kuphwando ndi oimba, kubanki ayi. Mukaiika pa jekete ya kolala yotambalala, chifuwa chimaoneka chopanda kanthu. Komanso musathawire ku zotambalala masentimita 10 kapena 11 zimene zadzaza pa kaunjika, zija zinali m'fasho zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1990, zikukalambitsani.

Pa nsalu ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Ya ulemu kuposa zonse ndi silika, koma silika wosawala kwambiri, woti mukamuyang'anitsitsa mukuona kalukidwe kake. Lamulo lake ndi losavuta: nsalu ikakhala yosalala, ya mtundu wodera, maluwa ake ang'onoang'ono kapena opanda n'komwe, ulemu umakwera. Ikakhala yokhakhala, yowala mitundu, maluwa akuluakulu, ulemu umatsika. N'chifukwa chake tayi yolukidwa ngati juzi, ya nsonga yodulidwa mopingasa ija, ndi ya Lachisanu kuntchito kapena kokadya ndi anzanu, ngakhale itakhala ya silika. Ya ubweya imakhala bwino mu Juni ndi Julaye pa jekete yokhuthala. Ya thonje ndi yopepuka, ya masana, nyengo yotentha ngati ya Okutobala. Poliyesitala si tchimo, ambirife ndi amene timakwanitsa, koma sankhani wosanyezimira. Vuto lake nsalu yake ndi youma, mfundo siigwira, pofika masana mupeza yatsika batani la pakhosi likuonekera.

Pa kaunjika matayi a silika weniweni amapezeka, nthawi zambiri otchipa kuposa apoliyesitala a m'sitolo. Tembenuzani kumbuyo muwerenge kachikwangwani kali ku mbali yopyapyala. Kenako gwirani tayiyo kunsonga yaing'ono, ilendewere yokha. Ikalendewera mowongoka, ndi yabwino. Ikayamba kupotoka ngati chingwe, isiyeni, chifukwa pachifuwa panunso izidzatembenuka tsiku lonse. Tayi yosokedwa bwino amaidula mopendeketsa nsalu, pa madigiri 45, njira imene Jesse Langsdorf wa ku New York anayambitsa m'zaka za m'ma 1920, ndipo ndi imene imachititsa kuti tayi itamuke pomanga n'kubwerera m'malo mukamasula. Yang'ananinso pamalo pamene mwini wake wakale ankamangira mfundo. Pakakhala pothimbirira ndi thukuta, sipachoka.

Tsono mfundo. Yaikulu ya Windsor, ya makona atatu ofanana ija, ilidi ya ulemu, koma imafuna zinthu zitatu: kolala ya shati yotseguka, nsonga zake zotalikirana, tayi ya nsalu yopepuka, ndi munthu wa khosi ndi nkhope zodzaza. Imadyanso tayi kwambiri, moti munthu wamtali amapeza tayi yathera pamwamba pa mchombo. Pa tayi yopyapyala ngati yanu imatuluka chibuluma pamwamba, kachingwe pansi. Choseketsa n'chakuti mwini dzinalo, Edward wa ku Britain amene anatula pansi ufumu mu 1936 n'kumatchedwa Duke wa Windsor, sankamanga mfundo imeneyi. Ankamanga mfundo wamba, kungoti matayi ake ankawasoketsa okhuthala, anthu pofuna kumutsanzira n'kuyamba kuzunguliza kawiri.

Inu mangani theka la Windsor. Mbali yotambalala ikhale kudzanja lamanja, itsike kuposa inzake ndi masentimita pafupifupi 30. Idutsitseni pamwamba pa yaing'ono, muizungulitse kumbuyo, muikweze n'kuilowetsa pakhosi kuchokera kutsogolo, itsike. Kenako idutse mopingasa kutsogolo, ikwere pakhosi kuchokera kumbuyo, mutsirize poilowetsa m'kamphako kamene kapangika kutsogolo kaja. Imatuluka yapakatikati, yoongoka mbali zonse, ndipo imakhala pa kolala ya mashati ambiri. Tayi ikakhala yokhuthala, kapena kolala ya shati ili ndi nsonga zoyandikana, mangani mfundo wamba ija ambiri tinaphunzira kusekondale, yozunguliza kamodzi, yopendekeka pang'ono. Musaiderere, ngakhale akuluakulu a makampani amamanga yomweyo. Ine ndimaikonda kuposa zonse, koma pa intavyu theka la Windsor limaonetsa kuti munakonzeka.

Pomangitsa, ikani chala pakati pa tayi pansi penipeni pa mfundo, mufinye m'mbali ndi zala ziwiri, mukoke pang'onopang'ono. Pamatsala kadzenje kakang'ono, ndipo ndi kamene kamasiyanitsa tayi yomangidwa lero ndi ija imangovulidwa pamutu chaka chonse. Mfundo ifike pakhosi, ibise batani. Nsonga ya tayi ikhudze chitsulo cha lamba, osati pamimba, osatinso kupitirira zipi. Ikapanda kufika, masulani muyambirenso, musakokere buluku m'mwamba.

Lachiwiri valani chonchi: shati yoyera, tayi ya masentimita 7 kapena 8 malinga ndi zimene mwayeza, yofiira moderako ngati vinyo kapena yabuluu wodera wa timadontho ting'onoting'ono toyera. Tayi ikhale yodera kuposa shati nthawi zonse. Mizere ilibe vuto ikakhala yopyapyala, mitundu isapitirire iwiri.

Ku ukwati funsani kaye a komiti, chifukwa aperekezi nthawi zambiri amawasankhira mtundu wogwirizana ndi madiresi. Kumeneko kuwala pang'ono n'kololedwa, ndipo mukasiyidwa kusankha nokha, yotuwa ngati siliva pa suti yabuluu sinakhumudwitsepo munthu. Mungoonetsetsa kuti simukuposa mkwati: akamanga Windsor yaikulu, inu theka lomwelo. Tayi ya chitenje ndi yokongola pa chinkhoswe kapena ku madyerero, koma uzani telala aidule mopendeketsa ndi kuika nsalu yofewa mkati, apo ayi iuma gwa, mfundo yake n'kukula mopitirira.

Mukabwerako masulani mfundo mobweza m'mbuyo mmene munamangira, muikulunge tayiyo kuyambira kunsonga yaing'ono, igone choncho usiku, makwinya atha okha. Simbi isaiyandikire. Imaphwatalitsa m'mphepete ndi kusiya chizindikiro cha msoko wa kumbuyo chikuonekera kutsogolo. Makwinya akakanika, ipachikeni pafupi ndi nthunzi ya madzi otentha kwa mphindi zingapo.