Pepala la A5 ndi liti, ndipo ndilipiritse bwanji?

Funso: Ndili ndi kashopu ka fotokope pa Ngabu. Makasitomala amabwera kufuna timapepala toitanira anthu ku ukwati ati pa A5, ena A6. Ine ndimangodziwa A4. Ndiwasiyanitsa bwanji, nanga mtengo ndiwerengera bwanji?

Achimwene, tengani A4 imodzi pa limu yanuyo. Ndi mamilimita 210 m'lifupi, 297 m'litali. Ipindeni pakati, mbali zazifupi zija zikumane. Chomwe mwagwiracho ndi A5, ya 148 ndi 210. Mukapindanso mwapeza A6, saizi ya positikhadi. Nambala ikamakwera pepala likuchepa. A3 ndi ma A4 awiri ogundizana m'mbali zazitali, ndipo kholo la onsewa ndi A0, lomwe kukula kwake ndi sikweya mita imodzi.

Ndalama zili apa. Munthu akafuna timapepala 200 ta A5, mugwiritsa ntchito ma A4 100 okha, awiri pa pepala limodzi n'kudula pakati. Pa A6 ndi ma A4 50. Koma mufunsitseni kaye, chifukwa ambiri akati A5 amatanthauza pulogalamu yotsegula ngati buku, monga ya mwambo wa maliro kapena wa ukwati. Imeneyo ndi A4 yathunthu yopindidwa, yodindidwa mbali zonse ziwiri, choncho 200 idya mapepala 200 ndi inki ya kuwiri. Mukatchula mtengo musanafunse zimenezi, ntchitoyo mwagwira yaulere. Muikeponso kangachepe ka kudula ndi kupinda, si ntchito yamasewera ndi dzuwa la ku Ngabu limenelo.

Pamakina, pochepetsa A4 kuti ikhale A5 sankhani 71%, osati 50%. Ambiri amalakwira pomwepa poganiza kuti theka ndi theka. 50% imachepetsa m'litali ndi m'lifupi momwe, ndiye zolembazo zimatuluka zazing'ono ngati za A6, agogo osatha kuwerenga. Pokulitsa A4 kupita pa A3 ndi 141%.

Pali pepala lina lonamiza maso, la ku America lotchedwa Letter, la 216 ndi 279. Kuti mulizindikire popanda rula, pindani ngodya imodzi mpaka mbali yaifupi igone ndendende pa mbali yaitali. Patuluka mzere wopendekera. Tsopano tengani mbali yaitaliyo muigoneke pa mzerewo. Ngati ndi pepala la gulu la A, ziwirizi zilingana kutalika, poti mbali yaitali imaposa yaifupi ka 1.414 pa saizi iliyonse. Pa Letter mzere wopendekera utsalako, wautali kuposa mbaliyo.

Kawirikawiri Letter mukumana naye pa kompyuta osati m'manja. Kalata ya kasitomala ikatuluka ndi mpata waukulu m'munsi, kapena mizere itasuntha, onani saizi ya tsamba musanadinde makope onse, muisinthe ikhale A4.