Vmax yanga yatuluka 0.02 ndipo Km ndi ya mayinasi, ndalakwitsa pati?

"Pepani, ndithandizeni. Tinayeza liwiro la enzaimu pa sabusitireti ya 1, 2, 4 ndi 8 mM, tinapeza 16.7, 25, 33.3 ndi 40 µmol/min. Ndajambula 1/v ndi 1/[S], mzere wadula y pa 0.02 ndipo wadula x pa -0.5. Ndinalemba kuti Vmax ndi 0.02, Km ndi -0.5, aphunzitsi andibwezera lipoti osanena kanthu. Ndalakwitsa pati?"

Achemwali, imelo yanuyi yandikhudza chifukwa inenso lipoti langa loyamba la ma enzaimu linabwerera chimodzimodzi, cholembera chofiira chitazungulira yankho, pambali palibe ndi liwu limodzi lomwe. Ndinakhala usiku wonse ndikubwereza masamu pa kakyuleta, kugawa, kugawanso, manambala onse akutuluka omwe aja, mpaka ndinayamba kukayikira ngati kosiyi ndingaithe. Amene anandimasula anali mnzanga wa benchi imodzi mu labu, anangoloza pepala langa nkundifunsa kuti iwe, liwiro lalikulu lomwe unaliona ndi maso ako ndi lingati, nanga Vmax yako ndi ingati? Ndinangoti kakasi. Vmax ndi denga, liwiro lomwe enzaimu ingafike ikakhuta sabusitireti mpaka yosatha kulandiranso ina, ndiye denga lingakhale bwanji pansi pa zimene wayeza kale?

Inunso dzifunseni funso lomwelo. Munaona 40 mu chubu chanu chomaliza, ndiye 0.02 siingakhale denga. Ndipo Km ndi kuchuluka kwa sabusitireti kumene kumapangitsa enzaimu kuthamanga theka la Vmax, ndi chinthu choti mutha kusungunula mu botolo nkuyeza, sichingakhale cha mayinasi.

Mzere wanu ulibe vuto, mwangoiwala kuti galafu yonseyo ndi yotembenuza. Michaelis ndi Menten mu 1913 anapereka ikwezhoni yomwe ukaijambula imapindika, imakwera msanga kenako nkumagona pang'onopang'ono osafika padenga penipeni, ndiye kuwerenga Vmax ndi maso kumavuta. Lineweaver ndi Burk mu 1934 anaitembenuza mbali zonse ziwiri kuti ituluke mzere wowongoka woti munthu ajambule ndi rula:

```
1/v = (Km/Vmax) × (1/[S]) + 1/Vmax
```

Zimene munaika pa y ndi 1/v, choncho chilichonse mungawerenge pamenepo nchotembenuzidwa, muyenera kuchibwezera. Pamene mzere wadula y ndi 1/Vmax, ndiye 1 kugawa ndi 0.02 ikupatsani 50 µmol/min. Pamene wadula x ndi -1/Km, chotsani mayinasiyo, 1 kugawa ndi 0.5 ndi 2 mM. Tsopano bwererani ku manambala anu oyamba aja muone, pa 2 mM munapeza 25, ndipo 25 ndi theka la 50 ndendende. Kuyang'ana kumeneku ine sindikudumpha ngakhale tsiku limodzi, kumatenga masekondi ochepa koma kumagwira zolakwa zambiri.

Kumanzere kwa y kuja kulibe madontho ndipo sikudzakhala madontho, mumangotalikitsa mzere ndi rula kuti mufike pa x. Ngati pepala lakuchepera musavutike, silopu ya mzere ndi Km/Vmax, tengani madontho awiri, (1, 0.06) ndi (0.25, 0.03), kusiyana kwa y ndi 0.03, kwa x ndi 0.75, mukagawa ndi 0.04, muchulukitse ndi 50, yabweranso 2 yomwe ija.

Koma pali china chimene chimandiwawa kwambiri, ndipo sindibisa, ndikuona kuti galafu imeneyi ambiri amaiphunzitsa moperewera. Amakuuza podula y, podula x, basi, osakuuza kuti kutembenuza manambala kumakulitsa zolakwa za machubu amene umawakhulupirira pang'ono kuposa onse. Ine ndinadzazindikira chaka chotsatira nditataya pafupifupi sabata yathunthu, Km ikusintha tsiku lililonse pomwe enzaimu ndi yomweyo, madzi osungunuliramo enzaimu omwewo, kutentha komweko. Ndinkaganiza kuti enzaimu ikufa mu fuliji. Vuto linali chubu chimodzi chokha, cha sabusitireti yochepetsetsa, chomwe mtundu wake unkasintha pang'ono kwambiri moti makina ankavutika kuwerenga.

Tiyeni tiyese ndi manambala anu omwewa. Tinene kuti munawonjezera chubu cha 0.5 mM. Liwiro loyenera pamenepo ndi 10, ndiye 1/v ndi 0.1. Koma dzanja lanjenjemera pa pipeti, mwapeza 8, mwaphonya ndi 2 yokha, 1/v yalumpha kufika 0.125. Kuphonya komweko kwa 2 kukachitika pa chubu cha 8 mM, 38 m'malo mwa 40, 1/v imangosuntha kuchoka pa 0.025 kufika 0.026, simungaone nkomwe. Choipitsitsa nchakuti dontho la 0.5 mM lija limakakhala lokhalokha kutali kumanja pa x = 2, pomwe madontho abwino aunjikana pafupi ndi y, ndiye likasuntha limakoka mzere wonse. Ndawerengera mzere wa madontho asanuwo ndi dontho loipalo, ukudula y pa 0.0148, Vmax ikutuluka pafupifupi 68 ndipo Km pafupifupi 3.6. Kuchoka pa 50 ndi 2! Ndipo mzerewo ukauyang'ana umaoneka bwinobwino, palibe chokuchenjeza.

Ndi chifukwa chake ine masiku ano nambala yoti ndiikhulupirire ndimaitenga polowetsa v ndi [S] momwe zilili mu pulogalamu ya kompyuta yomwe imafananiza mzere wopindika uja mwachindunji, osatembenuza kanthu. Galafu ya 1/v ndimaijambulabe, ndimaikonda ndithu, koma ndi yoonera zimene zikuchitika. Mukaika mankhwala otchinga enzaimu nkuona mizere iwiri, wa mankhwala ndi wopanda mankhwala, ikukumana pa y, mwadziwa kuti Vmax sinasinthe, chotchingacho chikulimbirana malo ndi sabusitireti. Madontho apafupi ndi y akayamba kukhotera m'mwamba m'malo motsika, nthawi zambiri ndiye kuti sabusitireti yachuluka mpaka ikutchinga enzaimu yokha, ndipo madontho amenewo simuyenera kuwakakamiza kulowa mu mzere. Mzere ukadula y pansi pa ziro, musalembe Vmax ya mayinasi, kawirikawiri zikutanthauza kuti machubu anu onse anali pansi kwambiri pa Km, kapena dontho lakumanja lija lakokanso. Sankhani sabusitireti ina yochepera Km, ina yopitirira Km kangapo, ndipo machubu ochepawo muwabwereze katatu. Komanso v ikhale liwiro la poyambirira, sabusitireti isanayambe kutha, apo ayi manambala onse amatsika musanajambule nkomwe.

Za lipoti lanulo

Lembani Vmax = 1/0.02 = 50 µmol/min ndi Km = 2 mM, mayunitsi musawasiye, ndipo pa galafu lembani kuti y ndi min/µmol, x ndi 1/mM, zimenezi zokha zikanakukumbutsani kutembenuza. Ngati mukugwiritsa ntchito sipuredishiti, 1/[S] ili mu A, 1/v ili mu B:

```
Vmax: =1/INTERCEPT(B2:B5,A2:A5)
Km:   =SLOPE(B2:B5,A2:A5)/INTERCEPT(B2:B5,A2:A5)
```

Musafupikitse manambala msanga, 1/16.7 muisiye kompyuta isunge yonse, mudzafupikitse pamapeto. Pansi pake onjezani chiganizo chimodzi chosonyeza kuti pa 2 mM munayeza 25, theka la 50, kenako mukaperekenso lipotilo.