Makiyifulemu 240 Ofanana: Kusankha Zithunzi Zoimira Magawo a Vidiyo

Funso: Amisiri, ndili ndi vidiyo ya msonkhano ya mphindi 40, yojambulidwa ndi makamera awiri n'kulumikizidwa. Ndikufuna chithunzi chimodzi pa gawo lililonse. Nditatulutsa makiyifulemu ndi FFmpeg ndapeza zithunzi zoposa 240, zambiri zofanana, zina zachimbuuzi. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Achimwene, dzina ndi lomwe lakusokonezani. Mawu oti kiyifulemu amatchula zinthu ziwiri zosiyana. Amene mwatulutsawo ndi a pulogalamu yopanikiza vidiyo: mafulemu osungidwa athunthu, omwe mafulemu otsatira amatsamirapo. Nambala yanuyo ikuchitira umboni. Ngati vidiyo yanu ili ndi mafulemu 25 pa sekondi, mphindi 40 ndi mafulemu 60,000. Pulogalamu yopanikiza vidiyo ya x264, ikapanda kuuzidwa zina, silola mafulemu oposa 250 kudutsa isanaike kiyifulemu wina. Gawani 60,000 ndi 250, mupeza 240. Imaikanso ena pomwe chithunzi chasinthiratu, n'chifukwa chake mwapyolako pang'ono. Choncho munthu akangoima n'kumalankhula kwa mphindi zisanu, mulandira nkhope yake ka 30.

Zomwe mukufuna inu n'zina, ndipo ntchito yake ndi ya mbali ziwiri: kupeza pomwe gawo layambira ndi kuthera, kenako kusankha fulemu imodzi m'kati mwake.

Kompyuta sidziwa kuti wolankhula wasintha. Imangotenga fulemu n'kuiyerekeza ndi yomwe yangodutsa, kadontho ndi kadontho, kuona kuti zasiyana motani. FFmpeg imapereka kusiyanako ngati nambala ya pakati pa 0 ndi 1, yotchedwa `scene`. Kamera ikakhala phee pa munthu mmodzi, nambalayo imakhala pafupi ndi 0. Wolumikiza akadumphira pa kamera inayo, nambala imalumpha. Lamulo lake ndi ili:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vf "select='gt(scene,0.4)',showinfo" -fps_mode vfr chithunzi_%03d.jpg
```

Likutanthauza kuti: sunga fulemu iliyonse yomwe nambala yake yaposa 0.4. Pa zomwe zilembeke pa sikirini, yang'anani `pts_time`, ndiyo sekondi yomwe kusinthako kwachitikira. Ngati FFmpeg yanu ndi yakale ndipo ikukana `-fps_mode vfr`, lembani `-vsync vfr`. Musadabwenso gawo loyamba likasowa: fulemu yoyamba ilibe inzake yoyerekeza nayo, ndiye lilembeni nokha kuti likuyambira pa 0.

Koma 0.4 musamutenge ngati lamulo la mfumu. Malangizo a FFmpeg amati pakati pa 0.3 ndi 0.5 ndi poyambira pabwino, ndipo n'poyambira basi. Makamera anu awiri ali m'chipinda chimodzi, khoma lomwelo, magetsi omwewo, ndiye kuchoka pa kamera ina kupita pa ina sikusintha chithunzi kwambiri. Mukhoza kupeza kuti magawo ambiri akudutsa osagwidwa. Ine sindilota malire, ndimayamba ndaona manambala onse:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vf "select='gte(scene,0)',metadata=print:file=nambala.txt" -an -f null -
```

Kenako onerani mphindi ziwiri zoyamba ndi maso anu, mulembe pamene kamera yasintha, n'kufufuza `lavfi.scene_score` ya masekondi amenewo mu fayiloyo. Tiyerekeze kuti posintha kamera mukupeza 0.22, 0.27 ndi 0.31, pomwe wolankhula akamagwedeza manja sizikupyola 0.08. Malire anu akhale pakati, monga 0.15. Mukawatsitsa mpaka 0.05, munthu kungodutsa kutsogolo kwa kamera likhala gawo latsopano.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimapusitsa njira imeneyi ngakhale malire mutawaika bwino. Choyamba ndi fulashi ya wojambula zithunzi. Fulemu imodzi imayera mbee, nambala n'kukwera, pulogalamu n'kuti gawo lasintha. Kuzindikira kwake n'kosavuta: onani fulemu ya fulashi isanathwanime ndi ya itathwanima, ngati zili chimodzimodzi, palibe chasintha, fufutani.

Chachiwiri ndiye chovutirapo, chifukwa sichisiya chizindikiro chilichonse. Wolumikiza vidiyo nthawi zina sadula mwadzidzidzi, amachititsa chithunzi china kuzimiririka pang'onopang'ono china chikutulukira. Izi zikatenga sekondi imodzi, kusinthako kumamwazikana pa mafulemu 25, ndipo fulemu iliyonse imasiyana ndi inzake pang'ono zedi. Palibe yomwe ifike pa malire anu. Mudzangodziwira poona "gawo" limodzi lalitali modabwitsa, poyambira pali munthu wina, pothera pali wina. Chomwe ndimachita n'kubwereza ntchitoyo nditaika `fps=1,` patsogolo pa `select`. Apo pulogalamu imayerekeza mafulemu otalikirana sekondi yathunthu, kusintha kobisika kuja n'kuonekera. Imagwiranso zabodza zambiri, ndiye zotsatira zake muzione pa magawo okayikitsa okhawo. Ngati vidiyo zoterezi muzikumana nazo kawirikawiri, yesani pulogalamu ina yopezera magawo yotchedwa PySceneDetect: `detect-adaptive` imayerekeza nambala ya fulemu ndi ya mafulemu oyandikana nayo, zomwe zimathandiza kamera ikamayendayenda, ndipo `detect-threshold` imagwira pomwe chithunzi chazimiririkira mu mdima.

Tsopano kusankha chithunzi. Zija lamulo loyamba lakutulutsiranizi musazigwiritse ntchito ngati zomaliza, ndi mafulemu oyambirira a magawo, ndipo nthawi zambiri ndiwo oipitsitsa. Kamera imakhala isanakhazikike, diso lake likufunafuna munthu, mwina chithunzi chakale chisanatheretu. Chimbuuzi chambiri chimachokera pamenepa.

Titenge gawo loyambira pa sekondi 312 n'kuthera pa 332. Dulani sekondi imodzi mbali zonse, mutsala ndi masekondi 18 kuyambira pa 313. Njira yachidule n'kutenga fulemu yapakatikati, pa 322, ndipo pa munthu wongolankhula imakwanira. Koma ngati pa sekondi imeneyo wina anaimirira n'kutchinga kamera, mwagwa nayo. Yabwinoko ndi iyi:

```
ffmpeg -ss 313 -t 18 -i kanema.mp4 -vf "fps=5,thumbnail=90" -frames:v 1 gawo07.jpg
```

Sefa ya `thumbnail` imawerenga kuchuluka kwa mtundu uliwonse mu fulemu iliyonse, n'kupeza pakatikati pa gulu lonselo, kenako n'kusankha fulemu yoyandikira kwambiri pakatikatipo. Wotchinga kamera uja amaoneka m'mafulemu ochepa, choncho sasankhidwa. Nambala 90 yachokera pa masekondi 18 kuchulukitsa ndi 5. Mukapanda kuilemba, sefayi imatenga mafulemu 100 oyambirira, omwe pa vidiyo yanu, popanda `fps=5`, ndi masekondi anayi okha. Musachotsenso `fps=5` n'kulemba 450, chifukwa mafulemu onsewo amasungidwa mu memole nthawi imodzi, ndipo fulemu ya 1920 ndi 1080 imadya pafupifupi ma MB atatu. Kompyuta yaing'ono ikhoza kubanika.

Dziwani kuti sefayi imaona mitundu yokha. Sidziwa kuti munthu waphethira, wayasamula, kapena kuti dzanja lake lachita chimbuuzi. Pa chimbuuzi pali kanjira: tulutsani zithunzi zisanu zoyandikana pa gawo lomwelo, muone kukula kwa mafayilo ake. Chachimbuuzi chimapanikizika mosavuta, ndiye fayilo yake ya JPG imakhala yaing'ono; chakuthwa chimalemerako. Izi zimagwira pa zithunzi za gawo limodzi, osati poyerekeza magawo osiyana.

Pomaliza mupeza kuti makamera awiri aja akubwezera zithunzi zomwezo: wolankhula, omvera, wolankhula yemweyo, omvera omwewo. Pulogalamu yawerenga kudula kulikonse, pomwe inu mukufuna nkhani ikasintha. Ikani zithunzi zonse mu foda imodzi, muzione zazing'onozing'ono pamodzi, musiye chimodzi pa wolankhula aliyense. Pa vidiyo ya mphindi 40, imeneyo ndi ntchito ya maso ya mphindi zochepa.