Masipuling'i awiri owonjezera ndi ngozi yakale: chifukwa chake a seguru akana kulipira

"Ndili ndi kalole ka matani 2 komwe ndimanyamulira mbatatesi kuchoka ku Ulongwe kupita ku Tete. Nditadula kale seguru ya zonse, ndinawonjezera masipuling'i awiri mbali iliyonse kumbuyo n'kukweza zitsulo za m'mbali mwa bodi. Mwezi watha kanagubuduzika pakona. Akampani akuti salipira chifukwa sindinawauze zimenezi, komanso sindinatchule ngozi ina ya zaka ziwiri zapitazo yomwe ndinakonzetsa ndi ndalama zanga. Chonsecho ndalama ya seguru ndinalipira yonse. Kodi si kuba kumeneku?"

Pepani kwambiri Bambo, galimoto yodyetsa banja ikagona chammbali mtima umapweteka. Komabe tikuuzeni zoona: kampani ili ndi poyambira. Izi sizikutanthauza kuti basi zatha, chifukwa pali kusiyana kwakukulu pakati pa kubisa dala ndi kusatchula chifukwa chosadziwa kuti n'zofunika, ndipo ndalama zanu zili pa kusiyana kumeneko.

Seguru, yomwe ena amati inshuwalansi, imagulidwa mosiyana ndi katundu wa pamsika. Wogula thumba la chimanga amapisamo dzanja n'kuona yekha ngati chili chofumbwa. Kampani ya seguru siipisa dzanja. Imaika mtengo potengera zimene mwalemba pa fomu yofunsira ija: mtundu wa galimoto, kulemera kwa katundu amene imaloledwa kunyamula, ntchito yake, woyendetsa, ndi ngozi zimene zinachitikapo. N'chifukwa chake lamulo la za seguru kuno ku Mozambiki, lomwe linakhazikitsidwa mu 2010, limapereka udindo kwa wodula seguru kuti anene molondola zonse zimene akudziwa zomwe zingasinthe maganizo a kampani pa kukula kwa chiopsezo. Udindowu suthera pa tsiku losaina. Chiopsezo chikakula pangano lili m'kati, muyenera kuwadziwitsa, ndipo chikalata chanu cha seguru chimatchula masiku amene muli nawo ochitira zimenezo. Masikuwo amakhala ochepa, choncho kudikira nthawi yodzawonjezera chaka china n'kuchedwa.

Tiyambe ndi masipuling'i, popeza m'pamene pali nkhani yaikulu. Kwa ife a ku Angoniya ndi Tsangano, kuwonjezera masipuling'i kumaoneka ngati kusamala galimoto, poti misewu yolowa m'minda imafuna galimoto yolimba. Koma sipuling'i imangoletsa galimoto kukhala pansi ikalemedwa. Siiwonjezera mphamvu ya mabuleki, siilimbitsa ekiselo, ndipo matayala amakhala omwe aja okhala ndi malire awo a kulemera. Galimoto ya matani 2 imanyamula matumba 40 a makilogalamu 50. Zitsulo zikakwezedwa malo amapezeka a matumba 70, omwe ndi matani 3 ndi theka, ndipo popeza masipuling'i akugwira, diso limaona ngati zonse zili bwino. Vuto limaonekera potsetsereka. Ulongwe ili pamwamba, Tete ili m'chigwa cha Zambezi, ndiye ulendo wa katundu ndi wotsika. Mabuleki akagwira ntchito nthawi yaitali ndi katundu woposa muyezo amatentha n'kuyamba kuterera. Komanso matumba akasanjikizana m'mwamba, kulemera kumakwera kutali ndi nthaka, moti pakona pomwe galimoto yopanda zowonjezera ikanangopendekeka pang'ono, iyi imagwa. Kampani ikamva za masipuling'i ndi zitsulo zazitali, imamva kuti galimotoyi yakonzedwa kuti izinyamula zambiri. Ikanadziwa, ikanakweza mtengo, kapena kuika malire a katundu, kapena kukana kumene.

Ambiri amaganiza kuti akampani sangazindikire. Amazindikira mosavuta. Katswiri amene amatumidwa kudzaona galimoto, uja timati peritu, amagwada n'kuwerenga masipuling'i, ndipo amadziwa kuti mtundu umenewo umabwera ndi angati kuchokera kufakitale. Atsopano amasiyana mtundu ndi dzimbiri ndi akale. Mabawuti omanga masipuling'i ku ekiselo amakhala aatali kuposa oyamba, ndipo powotcherera zitsulo za bodi pamaoneka. Kenaka amatenga livireti n'kufananiza nambala ya injini, nambala ya chasi, mtundu wa bodi ndi kulemera kololedwa. Amawerenganso lipoti la apolisi, lomwe nthawi zina limatchula katundu amene anamwazika pamsewu. Zomwezi zimagwira amene anasintha injini ya petulo n'kuika ya dizilo, amene anaika mipando yowonjezera kuti galimoto ikhale shapa, ndi amene anaika thanki yachiwiri ya mafuta.

Tsopano ngozi yakale ija. Apa yankho lili pa mawu enieni a funso limene linali pa fomu. Mafomu ambiri amafunsa za zaka zitatu kapena zisanu zapitazo, koma safunsa mofanana. Ena amati, kodi munapemphapo kampani ya seguru kuti ikulipireni? Ngati funso linali limenelo ndipo inu munakonzetsa ndi m'thumba mwanu, kuyankha kuti ayi kunali kunena zoona. Ena amati, kodi munachitapo ngozi kapena kuwonongekedwa galimoto, kaya munalipiridwa kaya ayi? Pamenepo ayi ndi yankho lolakwika, ngakhale ngoziyo inathera pa kugwirizana m'mbali mwa msewu. Kampani imafuna kudziwa pa zifukwa ziwiri. Mbiri ya ngozi ndi imodzi mwa zinthu zimene imawerengera mtengo, ndipo amene alibe ngozi amachotseredwa. Chachiwiri ndi galimoto yeniyeniyo: chasi yomwe inapindikapo n'kuwongoledwa ndi moto siilimba ngati kale, ndipo kampani siifuna kulipira chilema chakale ngati chatsopano. Peritu amapeza izi ndi kachipangizo koyeza kuchindikala kwa penti, kapena ndi maginito chabe, omwe sagwira bwino pamene anamata phala lotsekera mabowo.

Ndiye kampani ingachite chiyani mwalamulo? Njira zake n'ziwiri, ndipo zimasiyana kutali. Ikasonyeza kuti munabisa dala kuti mulipire zochepa kapena kuti akulandireni, pangano limaonedwa ngati lopanda mphamvu, salipira kalikonse, ndipo ndalama imene munapereka amatha kuisunga. Koma ngati kunali kusasamala chabe, njira yodziwika ndi yolipira mochepetsa, molingana ndi gawo la mtengo woyenera limene munalipira.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone kawerengedwe kake. Tinene kuti munalipira mametikali 36,000 pa chaka, ndipo kampani ikanadziwa zonse ikanakulipiritsani 48,000. Ndiye kuti munalipira magawo atatu mwa anayi a mtengo woyenera. Peritu akapeza kuti kukonza kufuna 400,000, kampani ilipira magawo atatu mwa anayi a ndalamayo, omwe ndi 300,000, n'kuchotsanso kandalama kaja kamene chikalata chimati mwini galimoto azidzilipirira yekha pa ngozi iliyonse. Kakakhala 20,000 ndipo kachotsedwa pamapeto, mulandira 280,000. N'zochepa, inde, koma n'zosiyana kwambiri ndi kubwerera chimanjamanja. Pali malire ake: kampani ikasonyeza kuti galimoto yosinthidwa motero siilandira n'komwe pa mtengo uliwonse, ikhoza kukana zonse ngakhale simunabise dala. Ndipo zikalata zambiri zili ndi mfundo ina payokha yokana kulipira ngozi yochitika galimoto itanyamula kuposa zimene livireti ikuloleza. Ngati tsiku limenelo munali ndi matumba 70, mfundo imeneyi ndi yovuta kuigonjetsa kuposa ya kusatchula. Ngati munali ndi 40 kapena ochepera, pezani umboni wake msanga: kope lolembamo katundu, wogula amene ankadikira ku Tete, anyamata amene anapakira.

Chimene tikuona kuti chikukomerani n'chakuti masipuling'i munaika mutadula kale seguru. Pa nkhani imeneyi simunaname pa fomu, munangolephera kudziwitsa za kusintha. Lisiti la kwa makaniko kapena la kumene munagula masipuling'i, lokhala ndi tsiku, ndi lofunika kwambiri, choncho lifufuzeni lero.

Musakangane nawo pakamwa pa kauntala. Lembani kalata yopempha zinthu zitatu: chifukwa chokanira cholembedwa chotchula mfundo ya m'chikalata imene akutsamira, kope la fomu imene munasaina, ndi lipoti la peritu. Kalatayo ipangeni ziwiri, ina akudindireni tsiku mubwerere nayo. Fomu ikabwera, werengani funso la ngozi liwu ndi liwu, ndipo popeza imakhala m'Chipwitikizi, khalani ndi munthu wochidziwa bwino. Onaninso amene anadzaza. Nthawi zambiri wogulitsa seguru ndi amene amachonga mabokosi mofulumira, mwini n'kungosaina. Siginecha yanu imakumangani ndithu, koma ngati munamuuza za ngoziyo iye n'kunena kuti n'zazing'ono, kapena ngati funsolo linasiyidwa losayankhidwa kampani n'kulandira fomu choncho, zilembeni, chifukwa zimafooketsa mawu akuti munabisa dala. Poyankha, afunseni mwachindunji kuti akukuikani m'gulu liti, la kubisa dala kapena la kusasamala, ndipo ngati ndi lachiwiri, akuuzeni mtengo umene akanakulipiritsani kuti muwerengere limodzi. Zikakanika, dandaulo limapita ku bungwe la boma loyang'anira makampani a seguru, lomwe ambiri amalidziwa kuti ISSM, ndipo khoti nalo lilipo. Pakadali pano musagulitse galimotoyo kapena kuchotsa masipuling'i, poti imeneyo ndiyo umboni, ndipo kuchotsa kungaoneke ngati kufufuta mapazi.

Ngati pangoziyo panavulala munthu wina kapena panawonongeka katundu wa eni, imeneyo ndi mbali ina, ya seguru yokakamiza imene lamulo la 2003 limafuna galimoto iliyonse ikhale nayo. Cholinga chake ndi kuteteza wovulazidwayo, choncho musaganize kuti kukana kukonza galimoto yanu kwatseka nkhani yake. Funsani kampani payokha za mbali imeneyi, molemba, ndipo werengani pamene chikalata chikunena za ufulu wa kampani wodzakulipiritsani ndalama zimene yapereka kwa ena.

Galimotoyo ikadzakonzedwa, kapena mukadzagula ina, dongosolo lake ndi ili. Musanawotchere chitsulo chilichonse, lemberani kampani kuti mukufuna kusintha chakuti, ndipo mufunse ngati alandira ndi mtengo wake. Kusintha kokhudza zimene zalembedwa mu livireti, monga injini, bodi kapena chiwerengero cha mipando, kumafuna kupita ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto, kuti zikalata zigwirizane ndi galimoto. Mukatha, jambulani zithunzi, tumizani kukampani, ndipo musakhutire ndi mawu a pafoni akuti palibe vuto. Akupatseni pepala lowonjezera pa chikalata chanu lotchula masipuling'iwo ndi zitsulozo, lokhala ndi tsiku ndi chidindo, ndipo mulisunge kunyumba, kope lake lokha ndi limene liziyenda m'galimoto.